Miyezi 8 ya ukapitawo pa malipiro akale: nkhani ya a Kamwendo a ku Crown Mines

A Kamwendo anafika ku ofesi yathu Loweruka lina pakati pa Febuluwale 2025 atanyamula jumbo yodzaza mapepala, ndipo mawu awo oyamba anali opepesa. "Mayi, ndikudziwa kuti ndachedwa. Ndangobwera kuti mundiuze ndi pakamwa panu kuti ndisiye, mtima ukhale pansi." Dzina limeneli si lawo lenileni, ndipo kampani yawo sindiitchula. Ndi bambo wa ku Ntcheu, amakhala ku Turffontein, ndipo panthawiyo n'kuti atagwira zaka 6 pa sitolo yaikulu yopikulitsa katundu ku Crown Mines. Ine si loya. Ntchito yanga muno mu Joni ndi kuwerenga mapepala a anthu apantchito, kuwerengera ndalama, ndi kumulozera munthu khomo loyenera kugogoda.

Nkhani yawo inali yotere. Pa 20 Febuluwale 2024 analandira kalata yowakweza kuchoka pa ukalaliki wa katundu kukhala kapitawo wa mosungira katundu, kuyambira pa 1 Malichi 2024. Malipiro amayenera kuchoka pa R8 775 kufika pa R11 700 pa mwezi. Kalatayo inasainidwa ndi manijala wa nthambi yawo komanso mayi wa ku ofesi yoona za ogwira ntchito. Pa 1 Malichi anapatsidwa makiyi ndi anyamata 9 oti aziwayang'anira, koma peyisilipi ya mwezi umenewo inabwera ndi R8 775 yomwe ija. Ya Epulo chimodzimodzi. Akafunsa ankauzidwa kuti mapepala ali ku likulu. Malipiro atsopano anayamba kuoneka mu Novembala 2024, ndipo za miyezi 8 yapakatiyo panalibe amene anazitchulanso. Kwathu timati maariyasi, kuno anthu amati bekipeyi, koma ndalama yake ndi yomweyo.

Chinawasokoneza ndi masiku 90

M'jumbo muja munali fomu ya LRA 7.11, imene munthu amalemba potengera dandaulo ku CCMA, bungwe la boma loyanjanitsa ndi kuweruza mikangano ya pantchito. Anali atailemba okha mu Januwale, n'kuchonga malo okamba za kuchitiridwa zosalungama pa nkhani yokwezedwa udindo. Kwa iwo zinali zomveka, chifukwa mutu wa nkhani yonse unali kukwezedwa. Asanaitumize, mnzawo wina wa ku tchalitchi anawauza kuti madandaulo otero amafunika kufika ku CCMA pasanathe masiku 90, ndiye iwo n'kuipinda fomuyo n'kuiika pansi pa matiresi.

Mnzawoyo sananame. Lamulo la Labour Relations Act la 1995, pa gawo 186(2)(a), limakamba za bwana amene wachita zosalungama pa kukweza kapena kutsitsa munthu udindo, ndipo gawo 191 limapereka masiku 90 otengera dandaulo lotero ku CCMA. Ukachedwa umayenera kupempha kaye kuti akukhululukire kuchedwako, ufotokoze chifukwa chake, ndipo pempholo likhoza kukanidwa. Koma khomo limenelo ndi la munthu amene akuti: udindo uja unali wanga, anandidumpha. A Kamwendo sanadumphidwe. Udindo anapatsidwa, kalata ili m'manja, ntchito anagwira. Chimene sanapatsidwe ndi ndalama imene kampani inalonjeza polemba, ndipo imeneyo m'malamulo ndi ngongole.

Khomo la ngongole ndi lina. Kuyambira pa 1 Januwale 2019, lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997, limene timangoliti BCEA, lili ndi gawo 73A. Gawoli limalola wantchito kupita ku CCMA kukadandaula kuti bwana sanalipire ndalama imene amayenera kulipira malinga ndi lamulolo kapena malinga ndi mgwirizano wa ntchito. Kalata yokweza malipiro imasintha mgwirizano wa ntchito, choncho imalowa momwemo. Gawoli lili ndi malire amodzi ofunika kuwaona musanapite patali: ndi la anthu amene malipiro awo a pachaka sapitirira mlingo umene nduna ya zantchito imalengeza. Panthawi ya nkhaniyi mlingowo unali R254 371.67 pachaka, ndipo pa 1 Epulo 2025 unakwera kufika pa R261 748.45. A Kamwendo pa malipiro atsopano amapeza R140 400 pachaka, kutali ndi malirewo. Akanakhala kuti amapitirira, tikanalowera ku khoti, kaya la Labour Court ku Braamfontein kapena la majisitireti, ndipo kumeneko nkhani imadya nthawi ndi ndalama. Khoti la milandu ing'onoing'ono silikanatithandiza, chifukwa panthawiyo linkalekezera pa R20 000.

Ngongole nayo ili ndi nthawi yake yofera. Pansi pa Prescription Act ya 1969, ngongole wamba imafa pakatha zaka 3 kuchokera tsiku limene imayenera kulipidwa. Pa malipiro, mwezi uliwonse ndi ngongole payokha, ndiye kuti yoyamba kufa ikanakhala ya Malichi 2024, cha kumapeto kwa Malichi 2027, kenako ya Epulo, motsatanatsatana. Nditawafotokozera zimenezi anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati ndikunena zoona kapena ndikungowatonthoza. Ndinawauza kuti zaka 3 si chilolezo chogona, chifukwa mamanijala amasamuka, mafoni amabedwa pa teksi, ndipo makampani ena amatsekedwa kumene.

Mapepala amene ananyamula mlandu

Pa nkhani za mtundu uwu funso langa loyamba silikhala la ndalama. Ndimafuna kudziwa zinthu zitatu: ndani anavomereza, analemba pati, ndipo anati ziyamba liti. Anthu ambiri amene amabwera akulira kuti anawakweza koma sakuwalipira, ukafufuza umapeza kuti bwana ananena pa msonkhano kuti "tiona mwezi wamawa", kapena kalata imene ali nayo ndi ya manijala wopempha likulu kuti munthuyo akwezedwe, kapenanso akungogwirizira udindo wa munthu amene ali pa tchuthi. Pempho si chivomerezo. Kalata yonena kuti malipiro atsopano adzayamba likulu likadzavomereza sibala ngongole mpaka likululo litavomereza. Munthu wotereyu ndi amene masiku 90 aja amamukhudza kwambiri, chifukwa mwina chokhacho chimene ali nacho ndi dandaulo la kusalungama, ndipo ndimamuthamangitsa kuti alembe fomu sabata yomweyo. Lonjezo la pakamwa nalo ndi mgwirizano ndithu, koma ukalibweretsa pamaso pa komishinala, amene amaweruza nkhani ku CCMA, popanda mboni kapena uthenga wolembedwa, limasanduka mawu ako kulimbana ndi mawu a bwana.

Kalata ya a Kamwendo inali yoyera. Inatchula udindo, ndalama ndi tsiku, ndipo munalibe mawu oti zidikire wina aliyense. Pamwamba pa kalatayo tinasanja zinthu zina zitatu. Choyamba chinali ndandanda ya mashifiti ya Malichi 2024, imene anaijambula pa foni, ndipo dzina lawo lili pamzere wa kapitawo. Chachiwiri chinali uthenga wa pa WhatsApp wa mu Juni 2024, umene mayi wa ku ofesi uja analemba kuti asade nkhawa, ndalama zonse zotsalira kuyambira Malichi zilowa pamodzi mwezi wotsatira. Uthenga wotere ndi wamtengo, chifukwa ndi kuvomera ngongole, ndipo kuvomera ngongole kumachititsa kuti zaka 3 zija ziyambirenso kuwerengedwa. Ndinawauza kuti aujambule pamodzi ndi tsiku ndi nambala ya wotumiza, autumize ku imelo yawo, ndipo ausindikize papepala. Chachitatu chinali peyisilipi ya Novembala yomwe, imene ikuonetsa R11 700 ndi udindo wa kapitawo. Ndi pepala limenelo kampani inadzimangirira yokha: sikanathanso kukana kuti kukwezedwa kunalipo, inatsala ndi kukangana za tsiku lokha.

Panali dzenje limodzi. Mapeyisilipi a Meyi ndi Juni anasowa posamuka nyumba. Sitetimenti ya ku banki inaonetsa ndalama imene inalowa m'miyeziyo, ndipo inali yokwanira kuonetsa kuti malipiro sanasinthe, koma siinkaonetsa maola a ovataimu.

Kuwerengera

Iwo anabwera ndi nambala imodzi m'mutu: R2 925 kuchulukitsa ndi miyezi 8, zomwe ndi R23 400. Nambalayo ndi yolondola koma ndi yoperewera, chifukwa malipiro a pamwezi akakwera, chilichonse chowerengedwa kuchokera pa malipirowo chimakweranso.

Amagwira maola 45 pa sabata. BCEA imawerenga mwezi ngati masabata anayi ndi limodzi mwa magawo atatu a sabata, ndiye mwezi wawo uli ndi maola 195. Pa malipiro akale ola limodzi linali R45, pa atsopano R60. Ovataimu imalipidwa ola limodzi ndi theka, choncho pa ola lililonse la ovataimu ankalandira R67.50 m'malo mwa R90, kusiyana kwa R22.50. Mapeyisilipi 6 amene analipo anaonetsa maola 72, omwe ndi R1 620. A Meyi ndi Juni iwo ankakumbukira kuti anali maola 24, omwe ndi R540. Tinawalemba padera n'kuikapo chizindikiro choti umboni wake uli ndi kampani, popeza gawo 31 la BCEA limalamula bwana kusunga zolemba za maola ndi malipiro kwa zaka 3. Zonse pamodzi zinakwana R25 560. Makampani ena amayesa kunena kuti munthu akakhala kapitawo ovataimu yatha, koma lamulo limachotsa mabwana akuluakulu, aja ali ndi mphamvu yolemba ndi kuchotsa anthu ntchito, komanso amene amalandira kupitirira mlingo uja. Kapitawo wa makiyi a mosungira katundu sali m'gulu limenelo.

Kenako panali thumba la penshoni. Pa kampani yawo wantchito amasonkha 5 peresenti ya malipiro ndipo bwana amaikapo 5 peresenti ina. Miyezi 8 yonseyo zoperekazi zinkawerengedwa pa R8 775, ndiye mbali ya bwana inaperewera ndi R1 170. Ndalama imeneyi sibwera m'thumba la munthu, imapita ku thumba la penshoni, n'chifukwa chake anthu amaiiwala ndipo makampani sakumbutsa. Chomaliza chinali chiwongoladzanja. Gawo 75 la BCEA limati ndalama yochedwa ilipidwe ndi chiwongoladzanja cha mlingo wa boma, umene m'miyezi imeneyo ya 2024 unali 11.75 peresenti pachaka. Titawerengera mwezi ndi mwezi chinayandikira R2 000.

Kalata, ndi R9 000 ya pakhomo

Lolemba pa 17 Febuluwale tinatumiza kalata ya tsamba limodzi ku ofesi yoona za ogwira ntchito, pa imelo, n'kuphatikizapo kalata yokwezedwa ndi tebulo la mawerengero. Inalibe mawu oopseza. Inangotchula tsiku la chivomerezo, ndalama, gawo 32 la BCEA limene limati malipiro aperekedwe pasanathe masiku 7 kuchokera kumapeto kwa nyengo imene munthu wagwirira, ndipo inapempha yankho m'masiku 7. Ndimakonda kuyamba ndi kalata ngakhale lamulo silikakamiza, chifukwa nthawi zina vuto limakhala la kalaliki mmodzi amene sanalowetse fomu mu kompyuta ndipo akuopa kuulula, ndipo kalata ikafika kwa mkulu wake nkhani imatha.

Apa sizinathe. Lachisanu manijala anawaitanira mu ofesi n'kuwapatsa pepala la R9 000, loti asaine pomwepo. A Kamwendo anachita chinthu chimodzi chimene ndinawapempha, anati akufuna akaliwerenge kunyumba. Pepalalo linkati ndalamayo ndi mphatso ya kukoma mtima kwa kampani, ndipo kumunsi kunali chiganizo chonena kuti akailandira, madandaulo onse okhudza malipiro atha kotheratu. Chiganizo chimenecho chimagwira ntchito, ndipo kuchimasula munthu atasaina ndi phiri. Sindinawaone ngati opusa pamene anati akuganiza zongolandira. Anali ndi katapila wa R4 000 amene anatenga mu Meyi 2024 podalira malipiro atsopano, fizi ya mwana wa folomu 3 kumudzi inali ikudikira, ndipo R9 000 ya lero imaoneka yaikulu kuposa R25 000 ya mawa. Ndinangowaikira manambala awiriwo papepala limodzi n'kuwauza kuti wosankha ndi iwo. Anagona nazo masiku awiri, kenako anakana.

Mantha awo enieni anali a ntchito. Gawo 79 la BCEA limaletsa bwana kulanga munthu chifukwa chofuna zimene lamulo limamupatsa, ndipo ndinawauza zimenezo. Ndinawauzanso kuti lamulo sililetsa manijala kukwinya nkhope kapena kuyamba kuwerenga mphindi za kuchedwa, choncho m'miyezi imeneyo asapereke chifukwa. Mapepala awo okhalira m'dziko muno anali abwino. Ndikutchula izi chifukwa abale athu ambiri amaganiza kuti wopanda pemiti alibe pokadandaula, pamene khoti la Labour Court linagamula mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, kuti mlendo amene pemiti yake inatha akadali wantchito pamaso pa malamulo a zantchito. Chigamulocho sichimukonzera munthu mapepala, koma thukuta lake silisanduka laulere.

Ku CCMA

Pa 3 Malichi 2025 tinalemba fomu ina ya LRA 7.11, ulendo uno pansi pa gawo 73A. Tisanatero ndinatsimikiza kaye kuti ntchito yawo siili pansi pa khonsolo ya mgwirizano wa mabwana ndi mayuniyoni, chifukwa m'ntchito zina, monga za mathiraki onyamula katundu, nkhani imayambira ku khonsolo yoteroyo. Fomu imayenera kufika kaye kwa bwana, ndipo umboni woti yafika umapita nayo ku CCMA. Ife tinagwiritsa ntchito imelo. Palibe ndalama imene munthu amalipira.

Tsiku linaperekedwa la 2 Epulo. Pa madandaulo a gawo 73A, kuyanjanitsa kukakanika komishinala amalowa m'kuweruza nthawi yomweyo, choncho munthu amapita atakonzekera zonse ziwiri. Ine sindikanawayankhulira, ndipo iwo sali mu yuniyoni, ndiye tinakonza mitolo itatu ya mapepala, masamba ake olembedwa manambala: wa komishinala, wa kampani, ndi wawo. Tinayeserera kawiri. Chingerezi chawo ndi chokwanira, koma akapsa mtima amayamba nkhani ya zaka 6 za kukhulupirika, ndiye ndinawaphunzitsa kuti funso lililonse aziliyankha ndi tsamba. Amene Chingerezi chimamuvuta akonze za womasulira nthawi ikadalipo, chifukwa Chichewa sichili m'zilankhulo za boma kuno.

Kampani inabwera ndi mfundo imodzi, yoti fomu ya mkati yosinthira malipiro inasainidwa ndi dayilekita mu Okutobala, choncho kukwezedwa kunayamba mu Novembala. Malinga ndi zimene a Kamwendo anandifotokozera atatuluka, iwo anangotsegula tsamba 1 n'kufunsa kuti m'kalatamo mwalembedwa pati za dayilekita, kenako tsamba 4, uthenga wa mu Juni uja. Mfundo ya kampaniyo imamveka yamphamvu koma ndi yofooka, chifukwa mafomu a mkati ndi nkhani ya kampani ndi anthu ake. Wantchito amene walandira kalata yosainidwa ndi anthu oyenera kusaina makalata otero, n'kupatsidwa makiyi, sangayembekezeredwe kudziwa kuti pali pepala lina mu kabati ya ku likulu. Woimira kampani anapempha mphindi zochepa zoimba foni, ndipo atabwerera anati akufuna kugwirizana.

Anagwirizana pa R25 020, ndiye kuti R23 400 ya malipiro ndi R1 620 ya ovataimu ya umboni, yolipidwa m'magawo awiri a R12 510, pa 30 Epulo ndi pa 30 Meyi. R1 170 ya penshoni inalembedwa pamzere wakewake. A Kamwendo anasiya R540 ija ndi chiwongoladzanja chonse. Ine ndikanakakamira chiwongoladzanja, chifukwa kampani inagwiritsa ntchito ndalama yawo chaka chathunthu pamene iwo ankalipira katapila, koma sindine amene ndimalowa pa geti limenelo m'mawa uliwonse. Chimene sindinalole kuti aiwale chinali kupempha kuti mgwirizanowo usandutsidwe chigamulo pansi pa gawo 142A la Labour Relations Act. Ukatero, bwana akalephera kulipira, chigamulocho chimatsimikizidwa pansi pa gawo 143 ndipo sherifu wa khoti akhoza kukalanda katundu wa kampani, osayambanso mlandu pachiyambi.

Zinathandiza. Gawo loyamba linalowa pa tsiku lake, lachiwiri ayi. Pa 2 Juni tinalemba mizere inayi yonena kuti tikupita kukatsimikiza chigamulo, ndipo ndalama inalowa pa 9 Juni.

Zimene zinafika m'manja

Ndinawachenjezeratu kuti R25 020 sadzaiona yonse, koma tsiku limene gawo loyamba linalowa anaimbabe foni akuganiza kuti aberedwanso. Ndalama yotsalira ndi malipiro, ndipo imadulidwa ngati malipiro. Mbali yawo ya penshoni inatenga R1 170. Msonkho, pa mlingo wawo wa 18 peresenti, unatenga pafupifupi R4 300. UIF, thumba la boma lothandiza anthu ntchito ikawathera, inatenga pang'ono chabe, chifukwa 1 peresenti yake imawerengedwa mpaka pa R17 712 yokha pa mwezi. M'manja munafika pafupifupi R19 400. Ndinaonetsetsa kuti ndalamayo yadutsa pa peyisilipi, osati kungoponyedwa ku banki popanda pepala, kuti idzaoneke pa IRP5 yawo, pepala la pachaka loonetsa malipiro ndi msonkho wodulidwa, ndipo ngati msonkho unadulidwa wochuluka adzathe kuuitanitsa ku SARS, bungwe la boma lotolera msonkho.

Cha penshoni ndicho chinachedwa kutsimikizika. Peyisilipi imangoonetsa kuti ndalama yadulidwa, osati kuti yafika kumene ikupita, ndiye ndinawatuma kukapempha sitetimenti ku thumba la penshoni lenilenilo. Inabwera mu Ogasiti, ndipo R2 340 ya mbali zonse ziwiri inalimo. A Kamwendo akadali kapitawo pamalo pomwepo. Katapila anamaliza kubweza mu Meyi, ndipo mwa mawerengero awo anabweza R7 200 pa R4 000 ija, ndalama imene sitikanatha kuiika pa fomu iliyonse.